Msonkho Umene Amadula Ndalama Isanafike M'manja: Lendi, Chiwongoladzanja ndi Phindu la Masheya kwa Munthu Wopuma Ntchito

Munthu amene wakhala pa ntchito yolembedwa moyo wake wonse sazolowera kuwerengera msonkho. Abwana ankadula okha pa malipiro, iye n'kumangolandira zotsala. Akapuma ntchito, zinthu zimasintha mosalengeza. Ndalama zimayamba kubwera kuchokera mbali zingapo: nyumba ya lendi, ndalama yosungitsa ku banki, masheya ochepa amene anagula kalekale. Ndipo paliponse pamene ndalama ikuchokera, ikumafika itachepa. Pangano la lendi likunena 200,000 koma mu akaunti mwalowa 170,000. Banki inalonjeza chiwongoladzanja cha 600,000 koma yapereka 480,000, ndipo pa sitetimenti pali kamzere kolembedwa WHT. Ndalama yoperewerayo sinabedwe. Ndi msonkho wodulidwiratu, WHT ija m'chidule cha Chingerezi, umene lamulo limalamula wolipirayo kuti augwire asanakupatseni zanu, n'kuupereka ku bungwe lotolera msonkho m'dzina lanu.

Njirayi ndi yakale. Ku Mangalande inakhazikitsidwa m'chaka cha 1803, pamene boma la Henry Addington linaona kuti n'kosavuta kutenga msonkho pamene ndalama ikutulukira kusiyana ndi kuthamangitsa munthu aliyense amene wailandira. Banki imodzi imalipira chiwongoladzanja kwa anthu masauzande ambiri, ndipo ili ndi mabuku olongosoka. Kuiuza bankiyo kuti idule n'kwapafupi kuposa kudikira kuti masauzandewo abwere okha kudzaulula. Maiko ambiri anatengera nzeru imeneyi, aliyense ndi maperesenti ake.

Apa pali mfundo imene ambiri amaiphonya: msonkhowo ndi wanu, si wa banki kapena wa wochita lendi. Iwo ndi otumidwa chabe. Choncho zimene zadulidwazo zimayenera kulembedwa pa dzina lanu ndi pa nambala yanu ya msonkho, ndipo nthawi zina mumakhala ndi ufulu wozitenganso.

Funso limodzi lofunika pa ndalama iliyonse

Msonkho wodulidwiratu uli mitundu iwiri, ndipo pa sitetimenti imaoneka chimodzimodzi. Mtundu woyamba ndi womaliza. Akadula, nkhani yatha. Simuwonjezera, simubwezeredwa, ndipo ndalamayo siiphatikizidwanso ndi zina powerengera msonkho wa chaka. Mtundu wachiwiri ndi wongotsogoza. Umenewu uli ngati chikole: boma lagwirako kaye, koma msonkho weniweni udzawerengedwa chaka chikatha, mukadzaika pamodzi zonse zimene mwapeza. Ngati chikolecho chapitirira msonkho weniweni, zotsala ndi zanu. Ngati chachepa, mudzawonjezera.

Ndiye musanayambe kudandaula za kukula kwa peresenti, funsani kuti pa lendi, pa chiwongoladzanja ndi pa dividendi, imene ndi phindu limene kampani imagawira eni masheya, m'dziko lanu, wodulidwawo ndi womaliza kapena wotsogoza. Yankho limasiyana dziko ndi dziko, ndipo limatha kusintha bajeti ya boma ikawerengedwa, kotero kuti zimene mnzanu anakuuzani zaka zisanu zapitazo sizodalirika. Kawirikawiri wa pa dividendi umakhala womaliza, wa pa lendi umakhala wotsogoza, pamene wa pa chiwongoladzanja umagwa uku kapena uku. Ku Jeremani, mwachitsanzo, kuyambira 2009 chiwongoladzanja ndi dividendi zimadulidwa 25 peresenti ndi kamsonkho kena kowonjezera pamwamba, ndipo kwa anthu ambiri nkhani imathera pomwepo. Ku Mangalande mabanki anasiya kudula msonkho pa chiwongoladzanja cha ndalama zosungitsa mu Epulo 2016, munthu amalandira chonse n'kukalongosola yekha ngati wapitirira malire.

Kusiyanaku kumakhudza kwambiri munthu wopuma ntchito kuposa wa pa malipiro aakulu. Peresenti yodulidwiratu ndi imodzi kwa aliyense, siyang'ana kuti wolandirayo ndi wolemera kapena wosauka. Koma msonkho weniweni wa munthu umayenda ndi makwerero, ndipo m'maiko ambiri khwerero loyamba silikhala ndi msonkho. Munthu wa ndalama zochepa nthawi zambiri amadulidwa zopitirira zimene akuyenera kupereka. Akapanda kulemba fomu ya pa chaka, zopitirirazo zimakhala kubomako, ndipo si maiko ambiri amene amamutsatira munthu kudzamuuza kuti bwerani mudzatenge.

Chitsanzo chimodzi, kuyambira pa lendi

Titenge mayi wopuma ntchito amene ali ndi nyumba imodzi ya lendi, ndalama ya 5,000,000 yotsekera ku banki kwa chaka, ndi masheya 10,000 a kampani ina. Manambala onse a m'chitsanzochi, kuphatikizapo maperesenti, ndi ongopeka kuti masamu aoneke bwino. Inu muikepo a m'dziko lanu.

Nyumbayo akubwereka ndi kampani, pa 200,000 mwezi uliwonse, ndipo tinene kuti lamulo likuti pa lendi adule 15 peresenti. Kampaniyo imatumiza 170,000 kwa mayiwo, ndi 30,000 ku bungwe la msonkho. Pa chaka lendi yonse ndi 2,400,000, yodulidwa ndi 360,000, yofika m'manja ndi 2,040,000.

Kuti wobwereka ndi kampani si mwangozi. M'maiko ambiri udindo wodula umagwera makampani, mabungwe, maofesi a boma ndi maejenti osamalira nyumba, osati banja wamba limene likungokhalamo. Ndiye mwininyumba amene alendi ake ndi banja amalandira 200,000 yonse. Izi sizitanthauza kuti lendiyo ilibe msonkho. Zimangotanthauza kuti palibe amene watsogoza kalikonse, ndipo msonkho wonse udzafunika pa nthawi yolemba fomu, mwinanso lamulo lingafune kuti muzilipirako pang'onopang'ono chaka chili mkati. Ambiri amene amagwidwa ndi chindapusa ndi a gulu limeneli, chifukwa anazolowera kuganiza kuti msonkho ndi umene wadulidwa basi.

Chimene chimapweteka pa lendi n'chakuti amadula pa ndalama yonse, pamene msonkho weniweni umawerengedwa pa phindu. Kampani yobwerekayo sidziwa, ndipo sikukhudzidwa, kuti chaka chimenecho denga linayamba kudontha. Mayiwo anawononga 450,000 kusintha malata ndi matabwa owola, 90,000 pa inshuwalansi ya nyumbayo, ndi 60,000 pa msonkho wa malo umene khonsolo imatolera. Zonse pamodzi ndi 600,000. Ndalama zoterezi, zogwiritsidwa ntchito kuti lendi ipitirire kubwera, malamulo ambiri amalola kuzichotsa. Phindu lenileni la nyumbayo ndi 1,800,000, ndipo 360,000 ija ikayerekezedwa ndi phinduli ndi 20 peresenti, osati 15.

Chaka chomwecho mayiwo anamanganso mpanda wa njerwa pamene panalibe mpanda, wa 800,000. Umenewo suchotsedwa ngati ndalama yokonzera. Kukonza ndi kubwezeretsa chinthu mmene chinalili. Kumanga chatsopano, monga chipinda chowonjezera kapena mpanda, ndi kukuza chuma, ndipo kumatsata malamulo ena. Apa ndi pamene mafomu ambiri amabwezedwa, chifukwa mmisiri analemba lisiti limodzi lakuti “ntchito ya pa nyumba, 1,250,000”, osasiyanitsa denga ndi mpanda. Wofufuza za msonkho akaona lisiti lotere akhoza kukana lonse. Muuzeni mmisiri alembe malisiti awiri, lililonse ndi tsiku, ntchito imene yagwiridwa ndi malo a nyumbayo. Dziwaninso kuti maiko ena ali ndi njira yachidule ya msonkho wa lendi, ya peresenti yochepa pa ndalama yonse popanda kuchotsa kalikonse. Pamene njira imeneyo ikugwira ntchito, malisiti okonzera sathandiza pa msonkho.

Pangano la lendi liyenera kunena momveka ngati ndalama yolembedwayo ndi yathunthu kapena yofika m'manja. Eninyumba ena amati, “ine ndikufuna 200,000 yanga yosadula, za msonkhozo muone nokha.” Kampani yosamala siingasiye kudula, chifukwa ikapanda kudula lamulo limaigwira iyoyo. Chimene ingachite ndi kukweza lendi ya pa pepala kuti ikadula patsale 200,000. Masamu ake ndi kugawa, osati kuwonjezera:

```
200,000 / 0.85 = 235,294
```

Lendi yanu pamaso pa boma tsopano ndi 235,294 pa mwezi, ndipo imeneyo ndi imene mudzalembe pa fomu. Masamu omwewa amathandiza pamene mwangoona ndalama mu akaunti n'kufuna kudziwa yathunthu. Ambiri amatenga 170,000 n'kuwonjezera 15 peresenti, n'kupeza 195,500. Kumeneko n'kulakwitsa, chifukwa peresentiyo inachotsedwa pa 200,000. Gawani 170,000 ndi 0.85 ndipo mupeza 200,000 yeniyeni.

Chiwongoladzanja

Banki inalonjeza mayiwo 12 peresenti pa 5,000,000 kwa chaka, kutanthauza 600,000. Tinene kuti msonkho wodulidwiratu ndi 20 peresenti. Banki yadula 120,000, mayiwo alandira 480,000. Msonkho umagwera chiwongoladzanja chokha, 5,000,000 ija siikhudzidwa. Mukaona kuti adula pa ndalama imene munaika, pamenepo pali cholakwika chofunika kupita nacho ku banki tsiku lomwelo.

Peresenti imene banki imalengeza ndi ya msonkho usanadulidwe. Ya m'thumba mwanu ndi 12 kuchulukitsa ndi 0.8, imene ndi 9.6 peresenti. Ndipo msonkhowu sulabadira kukwera kwa mitengo ya zinthu. Ngati chaka chimenecho zinthu zakwera ndi 10 peresenti, mayiwo alipira msonkho pa phindu limene kwenikweni palibe, chifukwa 5,480,000 ikugula zochepa kuposa zimene 5,000,000 inkagula chaka chatha. Poyerekeza mabanki kapena njira zosungira ndalama, yerekezani zotsala msonkho utachoka, popeza njira zina, monga mapepala ena a ngongole ya boma kapena maakaunti apadera osungira ndalama, m'maiko ena zimakhala ndi peresenti yosiyana kapena sizidulidwa n'komwe.

Msampha waukulu uli pa ndalama imene imangodzitsekeranso yokha nthawi ikakwana. Mayiwo akauza banki kuti ipitirize, chaka chachiwiri chimayamba ndi 5,480,000. Palibe ndalama imene yafika m'manja, ndiye munthu amaganiza kuti sanapeze kanthu. Koma pamaso pa lamulo chiwongoladzanja chija chinaperekedwa tsiku limene chinalembedwa mu akaunti, ndipo msonkho unadulidwa tsiku lomwelo. Anthu amakhala zaka zinayi kapena zisanu akudulidwa osapempha satifiketi ngakhale imodzi. Pa mapepala a ngongole ya boma a nthawi yochepa, amene mumagula pa mtengo wotsika n'kudzalandira mtengo wathunthu, chiwongoladzanja ndi kusiyana kwa mitengo iwiriyo. Mwagula pa 940,000, mwalandira 1,000,000: msonkho umadulidwa pa 60,000.

Maiko ena amalola munthu wa ndalama zochepa kuuza banki pasadakhale kuti isadule. Ku Jeremani munthu amapereka ku banki chikalata chotchedwa Freistellungsauftrag, ndipo kuyambira 2023 mayuro 1,000 oyamba a phindu la mtundu umenewu pa chaka sadulidwa. Kwina bungwe la msonkho limapereka satifiketi yokhululukira kwa amene mafomu ake ali m'malo. Chofanana pa njira zonsezi n'chakuti zili ndi malire a nthawi. Chikalata chikafika nthawi yake itadutsa, banki siingabweze zimene inadula kale, chifukwa ndalamayo inatumizidwa. Muyenera kukaitsata ku bungwe la msonkho.

Dividendi, mwachidule

Kampani yalengeza dividendi ya 30 pa sheya iliyonse. Masheya 10,000 abala 300,000. Adula 10 peresenti, 30,000, mayiwo alandira 270,000. M'chitsanzo chathu msonkhowu ndi womaliza, ndipo maiko ambiri amatero chifukwa kampaniyo inalipira kale msonkho pa phindu lake isanagawe. Palibe chobweza apa, ngakhale mayiwo akanakhala kuti alibe ndalama ina iliyonse. Sungani kalata imene imabwera ndi dividendi, chifukwa mafomu ena amafuna kuti muionetse ngakhale sikuwerengedwanso. Musasokonezenso dividendi ndi phindu logulitsa masheya. Limenelo ndi nkhani ina, ndipo nthawi zambiri palibe amene amakudulirani.

Masheya a kunja ndiwo amadabwitsa. Dziko limene kampani ili limadula msonkho wake ndalama isanatuluke. Ku Amereka, munthu wakunja amadulidwa 30 peresenti pa dividendi, pokhapokha dziko lake litakhala pa mgwirizano wa za msonkho ndi Amereka, ndipo migwirizano yambiri imatsitsa kufika pa 15 peresenti. Kutsitsako sikuchitika kokha. Munthu amalemba fomu ya W-8BEN kwa amene amamusungira masheya, ndipo fomuyo imatha mphamvu pakapita zaka pafupifupi zitatu. Ikatha osaikonzanso, 30 peresenti imabwerera mwakachetechete. Ngati dziko lanu limadulanso msonkho pa dividendi ya kunja, kawirikawiri limakuchotserani umene mwalipira kunjako, koma osapitirira umene lokha likanatenga. Kwa munthu wa masheya ochepa, kutsata zopitirirazo kunja nthawi zina kumadya ndalama zambiri kuposa zimene angabwezeredwe.

Chaka chikatha

Tsopano tiike zonse pamodzi. Tiyerekeze kuti m'dziko la mayiwo 1,800,000 yoyamba pa chaka ilibe msonkho, yopitirira apo imalipira 25 peresenti, penshoni yawo siidulidwa msonkho, ndipo wa pa lendi ndi wa pa chiwongoladzanja ndi wotsogoza.

Pa fomu amalemba ndalama zathunthu, osati zofika m'manja. Lendi 2,400,000 kuchotsa 600,000 yokonzera, kutsala 1,800,000. Chiwongoladzanja 600,000. Dividendi siilowa m'masamuwa. Zonse pamodzi ndi 2,400,000. Kuchotsa 1,800,000 yopanda msonkho, kutsala 600,000, ndipo 25 peresenti yake ndi 150,000. Umenewo ndiwo msonkho weniweni wa mayiwo chaka chonse. Koma anatsogoza kale 360,000 pa lendi ndi 120,000 ku banki, pamodzi 480,000. Boma likuyenera kuwabwezera 330,000. Ndalama imeneyi ndi yoposa dividendi yawo yonse ya chaka, ndipo ikanasowa popanda wodziwa akanapanda kulemba fomu.

Malisiti a denga, inshuwalansi ndi msonkho wa khonsolo aja akanatayika, phindu la lendi likanakhala 2,400,000, zonse pamodzi 3,000,000, msonkho 300,000, zobwezedwa 180,000 zokha. Mapepala atatu amenewo mtengo wake ndi 150,000.

Sizitanthauza kuti aliyense wolemba fomu amabwezeredwa, ndipo n'kulakwa kumulonjeza munthu zimenezo. Tisinthe chinthu chimodzi: penshoni ya mayiwo ndi 2,400,000 pa chaka ndipo imalipira msonkho. Opereka penshoni amagwiritsa kale ntchito khwerero lopanda msonkho lija, n'kudula 150,000 pa 600,000 yotsala. Khwerero limenelo ndi limodzi kwa munthu mmodzi, silibwera kawiri. Zonse pamodzi tsopano ndi 4,800,000, msonkho ndi 25 peresenti ya 3,000,000, imene ndi 750,000. Kuchotsa 150,000 ya pa penshoni ndi 480,000 yotsogoza, mayiwo atsala ndi ngongole ya 120,000. Nyumba yomweyo, banki yomweyo, koma yankho latembenuka. Amene penshoni yake imadya khwerero loyamba ayenera kumaika pambali kandalama mwezi uliwonse, chifukwa 15 ndi 20 peresenti sizikwanira pamene msonkho wake weniweni ndi 25.

Nanga wa pa chiwongoladzanja ukanakhala womaliza? Pa chitsanzo choyamba chija, pa fomu pakanalowa 1,800,000 ya lendi yokha, imene ilibe msonkho. Akanabwezeredwa 360,000 yonse, pamene 120,000 ya ku banki yapita osabwerera. Kwa mayiwa zikanawakomera pang'ono, chifukwa 20 peresenti ndi yochepa kuposa 25. Amene msonkho womaliza umamupweteka ndi munthu wopanda nyumba ya lendi, amene akudalira chiwongoladzanja cha 600,000 chokha. Iye ali pansi kwambiri pa malire olipira msonkho, komabe amataya 120,000 imene mnzake wa njira yotsogoza akanaitenganso. Malamulo ena amapereka mwayi wosankha kuti ndalamayo iwerengedwe pamodzi ndi zina ngati kutero kukupindulitsani, ndiye ndi bwino kufunsa ngati mwayi wotere ulipo.

Satifiketi, ndi pamene zinthu zimasokonekera

Masamu onsewa atsamira pa pepala limodzi. Aliyense wodula msonkho amayenera kupereka satifiketi yoonetsa dzina lake ndi nambala yake ya msonkho, dzina lanu ndi nambala yanu, ndalama yathunthu, peresenti, ndalama yodulidwa ndi tsiku. Sitetimenti ya ku banki yoonetsa kuti mwalandira 170,000 si umboni wakuti 30,000 inafika kuboma. Imangoonetsa kuti inu simunailandire.

Vuto lofala kwambiri ndi la wobwereka nyumba amene amadula koma osatumiza. Kampani yaing'ono ikapanikizika, 30,000 ija imailipirira zina, n'kumati idzakonza mwezi wamawa. Chizindikiro chake ndi satifiketi imene imangokhala “ikukonzedwa”. Malamulo ambiri amafuna kuti zodulidwa zitumizidwe mkati mwa masabata ochepa mwezi ukatha, ndiye palibe chifukwa chomveka choti satifiketi ya Malichi isapezeke mu Juni. Pa lamulo ngongoleyo ndi ya wodulayo, koma pa zochitika zenizeni amene amavutika ndi inu, chifukwa wowerengera fomu yanu amavomereza zokhazo zimene akuziona m'mabuku awo. Miyezi inayi ikasowa, 330,000 ya mayi aja imatsika kufika 210,000 mpaka nkhani itatha. Ndipo kampani ikasamuka kapena kutsekedwa, kupeza munthu wosayina satifiketi ya chaka chatha n'kovuta. N'chifukwa chake pempho la satifiketi liyenera kulembedwa m'pangano la lendi lenilenilo, kuti izibwera mwezi uliwonse kapena miyezi itatu iliyonse. Kumene bungwe la msonkho lili ndi tsamba la pa intaneti loonetsa zimene zalembedwa pa nambala yanu, yerekezani ndi masatifiketi anu kawiri kapena katatu pa chaka. Mukapeza mpata, lemberani wodulayo kalata, sungani kope, ndipo akapanda kukonza tumizani ku bungwe la msonkho kope la pangano, masitetimenti ndi kalatayo.

Vuto lachiwiri ndi nambala ya msonkho. Munthu amene moyo wake wonse ankadulidwa pa malipiro mwina sanapereke nambala yake ya msonkho ku banki kapena kwa osunga kaundula wa masheya. Popanda nambala, ndalama yodulidwa imafika kuboma koma siikhala pa dzina la wina aliyense, ndipo maiko ena amalamula kuti wopanda nambala adulidwe peresenti yokwera. Nambala yolakwika ndi chilembo chimodzi imachita chimodzimodzi. Wokhoza kukonza ndi wodulayo, potumiza fomu yowongolera. Inu simungakonze nokha.

Dzina nalonso limasokoneza, makamaka kwa achikulire. Nyumba idakali m'dzina la malemu bambo, lendi ikulandiridwa ndi mayi, satifiketi ikutuluka pa nambala ya womwalirayo. Kapena akaunti ndi ya anthu awiri koma satifiketi yatchula mmodzi. Kapena mwana ndiye amatolera lendi, kampani n'kulemba nambala ya mwanayo. Lamulo lake ndi losavuta kunena: amene walemba ndalamayo pa fomu yake ndiye ayenera kukhala pa satifiketi. Mayina awiriwo akasiyana, pempho lobwezeredwa limaima, ndipo mwana uja akhoza kufunsidwa za lendi imene sanadyeko.

Pali kulakwitsa kwina kumene kumaoneka kwaulemu koma kumadzetsa mafunso. Munthu amalemba pa fomu 2,040,000 imene analandira, kenako n'kupempha kuti amuchotsere 360,000. Mabuku a boma akuonetsa 2,400,000, ndiye zimaoneka ngati wabisa ndalama. Wina amalemba 2,040,000 osatchula n'komwe zodulidwa, n'kulipira msonkho kachiwiri pa lendi yomweyo. Chaka cha msonkho nachonso sichiyamba mu Januwale paliponse. Ku Mangalande chimayamba pa 6 Epulo, kwina mu Malichi kapena Julayi. Satifiketi iliyonse imalowa m'chaka chimene ndalamayo ikuwerengedwa, ndiye ndalama yotsekera ku banki imene yadutsa malire a zaka ziwiri ifunika kuonetsetsa tsiku limene banki yalemba.

Kubwezeredwa kumatenga nthawi, nthawi zina miyezi yambiri, ndipo bungwe la msonkho limayamba laona ngati muli ndi ngongole ina kapena mafomu a zaka zam'mbuyo amene simunapereke. Likapeza ngongole, limadzilipira kaye pa ndalama yomweyo. Munthu amene wakhala zaka zambiri akulandira lendi osalemba fomu achite masamu a chaka chilichonse payekha asanapite, kapena alipire wodziwa za msonkho kamodzi kuti amuwerengere, chifukwa zaka zina zikhoza kutuluka zobwezeredwa pamene zina zituluka ngongole ndi chindapusa. Ufulu wopempha zobwezedwa ulinso ndi malire a zaka, amene amasiyana dziko ndi dziko, ndipo malirewo akadutsa satifiketi yabwinobwino imasanduka pepala wamba. Ngati muli ndi masatifiketi a zaka zingapo m'kabati, yambani ndi a chaka chakale kwambiri.